Otsatira 1,430 asowa usiku umodzi: kodi wina wandichita chipongwe?

"Zikomo achimwene. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Ndimagulitsa usipa, utaka, mpunga wa Kilombero ndi nsinjiro kudzera pa Instagram. Lachiwiri ndinagona ndili ndi otsatira 8,340, Lachitatu m'mawa ndinapeza atsala 6,910. Sindinalembe choipa chilichonse ndipo sindinayambane ndi munthu. Kodi wina wandibera akaunti, kapena anzanga a geni andinenera chifukwa cha nsanje? Mwana wa achemwali anga akuti akudziwa munthu amene angawabweze onse ndi R300. Ndimupatse?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, ndipo R300 yanuyo musapatse munthu. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuyang'anira masamba a mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Joni, uthenga ngati wanuwu ndaulandira kambirimbiri, nthawi zina anthu atatu kapena anayi m'mawa umodzi womwewo. Nambala ikagwa chonchi, kamodzin'kamodzi usiku, kenako n'kuima osapitirira, kawirikawiri si akuba ndipo si adani. Amakhala eni Instagram asesa maakaunti abodza ndi ena otsekedwa, ndipo ena mwa maakauntiwo anali pamndandanda wa otsatira anu. Za kunenerana chotsani mumtima. Munthu akakunenerani, amene amayang'anidwa ndi inuyo ndi zimene mwaika. Akakupezani olakwa angachotse chithunzi, angakuletseni zina kwa masiku, angakutsekereni tsamba lonse. Koma palibe njira yoti mnzanu wa nsanje adine penapake n'kukuchotserani anthu 1,430.

Kuti zimveke, taganizirani kaundula wa kumpingo. Mipingo yathu ya Amalawi kuno imalemba dzina la aliyense amene wabwera n'kunena kuti wajoina. Pakapita zaka, m'buku mumakhala mayina 300 pomwe Lamulungu pamabenchi pamakhala anthu 90. Ena anabwerera kumudzi, ena anasamukira ku Durban, wina analembedwa kawiri chifukwa mlembi wakale anasintha buku. Tsiku lina akuluampingo amakhala pansi n'kufufuta mayina onse amene eni ake sakuoneka. Pa bukulo mpingo wachepa tsiku limodzi. Koma Lamulungu lotsatira mabenchi adzaza monga kale, chopereka n'chimodzimodzi, kwaya ili yomweyo. Nambala imene imaoneka pansi pa mawu akuti followers ndi kaundula wotero. Siiwerenga anthu amene amaona usipa wanu. Imangowerenga maakaunti amene tsiku lina anadina Follow ndipo akadalipo m'mabuku a kampani. Akaunti ikatsekedwa, dzina lake limachoka pa tsamba lililonse limene inkatsatira, kaya ndi la woimba wotchuka kaya ndi lanu.

Izi si zachilendo, ndipo zagwera anthu amene palibe angawachite chipongwe. Mu Disembala 2014 Instagram itasesa koyamba mwamphamvu, tsamba la Instagram yeniyeniyo linataya otsatira pafupifupi 19 miliyoni, ndipo woimba Justin Bieber anataya 3.5 miliyoni. Mu Malichi 2015 Facebook inachotsa pa mawerengero a masamba amalonda maakaunti amene eni ake anawatseka okha ndi a anthu omwalira, ndipo masamba ambiri anadzuka ataphwa. Mu Julaye 2018 Twitter, imene pano ikutchedwa X, inasiya kuwerenga maakaunti amene inawakhoma chifukwa chowakayikira. Barack Obama anataya otsatira oposa 2 miliyoni ndipo tsamba la Twitter lenilenilo linataya oposa 7 miliyoni. Nthawi imeneyo kampaniyo inanena zinthu ziwiri zimene zingatithandize pa nkhani yanu. Inati kusesako kukhudza pafupifupi 6 pa 100 alionse a kutsatirana konse, komanso inati munthu wamba ataya otsatira anayi kapena osakwana pamenepo. Nambala ziwirizi muzisunge, tibwererako.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji sachotsa mmodzimmodzi, munthu osazindikira? Ambiri amachotsedwadi choncho. Facebook inalengeza kuti m'miyezi itatu yoyamba ya 2019 yokha inatseka maakaunti abodza 2.2 biliyoni, ndipo ochuluka anagwidwa patangopita mphindi zochepa atatsegulidwa, asanatsatire aliyense. Amenewo simungawaone. Amene amakupwetekani mtima ndi aja anazemba msampha woyambawo n'kukhala miyezi kapena zaka akuoneka ngati anthu. Maakaunti oterewa satsegulidwa limodzilimodzi ndi anthu osiyana. Pamakhala munthu mmodzi kapena kagulu kamene kamatsegula zikwizikwi ndi makina kuti kazigulitsa. Ndiye amafanana zizindikiro: anatsegulidwa masiku oyandikana, amalowa kuchokera pa zipangizo zomwezo, zithunzi zawo n'zotola kwa anthu ena, ndipo onse amadina Follow pa tsamba limodzi m'maola omwewo. Akatswiri a kampani akagwira ulusi umodzi amautsatira mpaka apeze chisa chonse, kenako amatseka chisacho pakamodzi. Akamatseka pang'onopang'ono, mwini chisa amazindikira chimene chikumugwiritsa n'kusintha machenjera. N'chifukwa chake kwa inu zimaoneka ngati chiphompho, osati chitunda chotsetsereka.

Palinso gulu lachiwiri, limene ife a kuno timalidziwa bwino ngakhale sitiliganizira. Ndi maakaunti a anthu enieni amene anasiyidwa. Tawerengani anzanu amene foni inabedwa mutekisi kapena pa Park Station, nambala n'kupita nayo, pasiwedi osaikumbuka, n'kungotsegula akaunti ina. Alipo amene ali ndi maakaunti atatu ndipo onse atatu amakutsatirani, koma wogula mpunga ndi mmodzi. Ena anabwerera ku Mangochi kapena ku Mzimba n'kusiya nambala ya kuno. Akaunti yongogona yokha nthawi zambiri imakhalabe m'kaundula kwa nthawi yaitali. Koma maakaunti osiyidwa ndi amene akuba amakonda kuthyola, chifukwa ndi akale, ali ndi zithunzi zenizeni ndipo mwini sadandaula. Akawathyola amayamba kuwatumizira mauthenga a ndalama zachinyengo, kampani n'kuwagwira n'kuwatseka. Mwini akaunti akaitseka yekha kwa kanthawi, nayonso imachoka pa nambala yanu mpaka atabwerera. Ku X ndiye anachita kunena poyera mu Meyi 2023 kuti akuchotsa maakaunti amene akhala zaka osagwiritsidwa ntchito ndipo anthu ayembekezere kuti otsatira achepa.

Tsopano tiwerenge zanu. Mwataya 1,430 pa 8,340. Mukagawa 1,430 ndi 8,340 mupeza kuti ndi 17 pa 100 alionse. Apa ndikuuzani zoona monga mlongo wanu: imeneyi ndi yaikulu. Tsamba limene otsatira ake anabwera okha, mmodzimmodzi, chifukwa choona katundu, likasesedwa limataya ochepa, mwina makumi angapo, mwina mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Kumbukirani kuti ngakhale kusesa kwakukulu kwa 2018 kuja kunali 6 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa amenewo anali ounjikana pa masamba a anthu otchuka. Tsamba la geni likataya 17 pa 100, ndiye kuti nthawi ina m'mbuyomu munalowa gulu lalikulu la maakaunti opanda anthu, ndipo linalowa pakhomo limodzi. Sindikunena kuti munachita dala. Pa anthu amene ndawathandiza, ambiri sankadziwa n'komwe.

Makomo ake ndi odziwika. Loyamba ndi kugula. Mwina si inu, koma wachinyamata wa pakhomo amene munamupatsa foni kuti akukonzereni tsamba, iye pofuna kukusangalatsani n'kulipira kandalama kochepa kuti nambala ikwere. Lina ndi mipikisano ija ya "tsatirani masamba onse awa kuti muwine foni", imene wokonza amatolera ndalama kwa amalonda n'kulonjeza otsatira zikwi. Amene amabwera mwa njira imeneyi ambiri ndi maakaunti otsegulidwira mipikisano yokha. Lina ndi mapulogalamu amene amalonjeza otsatira aulere mukangolemba dzina ndi pasiwedi yanu. Ndipo pali ena amene amangobwera osaitanidwa. Akaunti yabodza imene imangotsatira makasitomala a mwini wake yokha imagwidwa msanga, choncho amaituma kuti izitsatiranso anthu wamba, amalonda, matchalitchi ndi oimba kuti izioneka ngati munthu. Otere aliyense ali nawo, ngakhale amene sanagulepo kanthu, koma kawirikawiri safika 1,430.

Ndikufotokozereni za bambo wina wosoka zovala amene ndinakhala naye pansi m'kashopu kake ku Mayfair. Dzina ndilisunga. Amasoka masuti a ukwati ndi madiresi a chitenje, ndipo anandiimbira mawu akunjenjemera kuti tsamba lake latsika kuchoka pa 5,200 kufika pa 4,100. Anali atalemba kale papepala mayina a anthu awiri amene ankawaganizira. Ndinawapempha foni, tinakankhira nsalu kumbali pa tebulo lodulira, n'kutsegula Professional dashboard, kenako Insights. Choyamba tinayang'ana chithunzi chilichonse cha mwezi umenewo kuti chinafika kwa anthu angati. Asanataye otsatira, chithunzi chimafika kwa anthu pakati pa 900 ndi 1,000 ndipo okonda amakhala pafupifupi 130. Zithunzi ziwiri zimene anaika pambuyo pa kugwako zinafika kwa anthu 940 ndi 980, okonda 127 ndi 134. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, ngati anthu 1,100 achoka, nanga amene akuona zovalazi sanachepe bwanji?" Anakhala chete akuyang'ana foniyo, tepi yoyezera ili m'khosi.

Kenako tinapita pamene pamaonetsa mizinda imene otsatira amakhala. Johannesburg inali pamwamba, Lilongwe ndi Blantyre pambuyo pake, monga mmene munthu angayembekezere. Koma m'munsi munali mizinda iwiri ya kutsidya kwa nyanja imene bamboyo sankadziwa ngakhale katchulidwe kake, ndipo sanatumizeko suti ngakhale imodzi. Amenewo anali otsalira a gulu lomwe lija. Titafunsa mnyamata amene amawathandiza kujambula, anavomera mwamanyazi kuti miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo analipira kuti abwere otsatira 1,000, ndipo wogulitsayo anaikapo basera. Nkhani yonse inali pamenepo. Anthu awiri a papepala aja analibe mlandu, ndipo mmodzi mwa iwo anali mkulu wa kumpingo kwawo amene anatsala pang'ono kudana naye popanda chifukwa. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri pa nkhani zoterezi, kuti nambala ya pafoni ikhoza kupasula ubale wa anthu amene ali kutali ndi kwawo ndipo amadalirana pa maliro ndi pa matenda.

Panali chinanso chimene ndinawawerengera. Okonda 130 pa otsatira 5,200 ndi 2.5 pa 100 alionse. Okonda 130 omwewo pa otsatira 4,100 ndi 3.2 pa 100 alionse. Munthu wodziwa malonda a pa intaneti akafuna kugwira nanu ntchito, kapena kukulipirani kuti mumulengezere katundu, sayang'ana nambala yaikulu yokha. Amagawa okonda ndi oyankha ndi chiwerengero cha otsatira kuti aone ngati tsambalo lili ndi moyo. Tsamba la otsatira 20,000 limene chithunzi chimakondedwa ndi anthu 40 amalizindikira pompo kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho pa maso pa munthu wotero, tsamba la atelala aja linakwera mtengo tsiku limene linaphwa.

Inunso chitani zomwezo, ndipo sizitenga theka la ola. Ngati tsamba lanu ndi la bizinesi, tsegulani Insights muyerekeze zithunzi zisanu za Lachiwiri lisanafike ndi zimene mwaika kuchokera Lachitatu. Musafanizire kanema ndi chithunzi, chifukwa makanema amayenda mosiyana. Fanizirani chithunzi cha usipa ndi chithunzi cha usipa, choikidwa nthawi yofanana ya tsiku. Ngati ofikiridwa ndi okonda ali pafupifupi pomwe anali, amene achoka sanali kuona kanthu. Kenako ganizirani makasitomala 20 amene mumawadziwa nkhope, aja amaitanitsa mpunga mwezi ukatha, mulembe mayina awo mmodzimmodzi pa bokosi lofufuzira m'mndandanda wa otsatira. Mukapeza 19 kapena onse 20 alipo, mwapeza yankho. Mukhozanso kufunsa anzanu awiri kapena atatu amene ali ndi masamba ngati nawo anaona kutsika sabata yomweyo. Ndipo mukaona m'mauthenga akale dzina la munthu lasanduka Instagram User, chithunzi chake palibe, nthawi zambiri ndiye kuti akauntiyo inatsekedwa kapena kufufutidwa.

Kagwedwe ka nambala kamanenanso zambiri. Kusesa kumagwetsa kamodzi kapena kawiri m'masiku ochepa, kenako bata. Anthu enieni akamachoka chifukwa chokhumudwa, amachoka ngati madzi a mumtsuko wong'aluka, khumi lero, makumi awiri mawa, kwa masabata, ndipo okonda ndi ofunsa mitengo amachepa limodzi nawo. Zikakhala choncho ndiye nkhani ina, yofunika kuyang'ana zimene mukuika ndi mmene mukuyankhira anthu. Palinso kugwa kwa mtundu wachitatu, kobwera ndi vuto la makina a kampani. Pa 31 Okutobala 2022 anthu ambiri a pa Instagram anauzidwa molakwika kuti maakaunti awo aimitsidwa, nambala za otsatira zinatsika pa masamba ochuluka, ndipo vutolo litakonzedwa zinabwerera. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti adikire masiku awiri kapena atatu asanachite chilichonse. Zikakhala za makina, zimabwerera zokha. Zikakhala za kusesa, sizibwerera, kupatula ochepa amene anatsekeredwa molakwika n'kudandaula mpaka kuwatsegulira. M'maola oyambawo musadabwe foni yanu ikamaonetsa nambala ina, ya mwana wanu ina. Nambalayi imasungidwa m'makina ambiri ndipo sasinthira pamodzi.

Tibwere kwa munthu wa R300 uja. Iye sangabweze amene anachotsedwa, chifukwa maakauntiwo kulibe, ndipo makiyi ake ali ndi kampani yokha. Chimene angachite ndi kukuthirirani ena abodza atsopano kuchokera ku chisa china. Nambala idzakwera Loweruka, inu n'kuthokoza, kenako pakapita miyezi chisa chimenechonso chidzagwidwa, mudzagwenso, iye adzabwerenso ndi mtengo wina. Ogulitsa otsatira amadziwa bwino kuti katundu wawo amafa, moti ambiri amalonjezeratu kuti akachepa adzawonjezera ulere kwa masiku akutiakuti. Lonjezo limenelo palokha likukuuzani mtundu wa katunduyo. Ndipo otsatira abodza sangokhala chabe osavulaza. Makina amene amasankha zoti aonetse anthu amayang'ana mmene anthu akulandirira chithunzi chanu, ngati akuima, akukonda, akutumizira anzawo. Gulu losaona, losakonda, losagula silikuthandizani pamenepo. Limasokonezanso Insights, moti simungadziwe bwino kuti makasitomala anu ali mumzinda uti ndipo amakhala pafoni nthawi yanji. Tsiku limene mudzafune kulipira kuti chithunzi chifike kutali, mudzakhala mukusankha anthu potengera mawerengero odetsedwa.

Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri mwa anthu otere amapempha pasiwedi, kapena amakutumizirani ulalo woti mulowerepo. Mu Novembala 2018 Instagram inalengeza kuti iyamba kuchotsa otsatira, zokonda ndi ndemanga zobwera kudzera m'mapulogalamu otere, n'kuchenjeza eni maakaunti kuti asinthe mapasiwedi. Chifukwa chake n'chakuti mukapereka pasiwedi, akaunti yanu imalowa m'gulu la zogulitsidwa. Imayamba kutsatira ndi kukonda anthu amene simuwadziwa, usiku inu muli mtulo. Atelala a ku Mayfair aja tinapeza tsamba lawo likutsatira maakaunti oposa 2,000, pomwe iwo ankakumbukira kuti anatsatira anthu osapitirira 300. Pamenepo ndiye kuti makina a kampani akhoza kukuonani inuyo ngati mbali ya chisa, ndipo tsiku losesa lotsatira wosesedwa n'kukhala inu, pamodzi ndi zithunzi za zaka zonse ndi mauthenga a maoda.

Choncho madzulo ano yang'anani nambala ya following, ija ya anthu amene inu mukuwatsatira. Ngati yakwera kuposa mmene mukudziwira, kapena muli mayina achilendo, wina ali ndi khomo lolowera. Pitani ku Accounts Center, kenako Password and security, mutsegule Where you're logged in. Pamenepo pamaoneka mafoni ndi malo amene akaunti yanu yatsegulidwa. Chilichonse chimene si chanu chitulutseni, musinthe pasiwedi, n'kuyatsa Two-factor authentication kuti wolowa azifunsidwa nambala yachinsinsi yachiwiri. Pa ichi ndikuchenjezeni monga munthu wa kuno: ngati nambala yachinsinsiyo izibwera pa meseji, onetsetsani kuti nambala ya foni imene ili pa akaunti ndi imene muli nayo m'manja lero, osati ya kale imene inatayika, ndipo ma Backup codes, manambala apadera olowera ngati meseji siikufika, muwalembe m'kope la maoda. Muonenso Apps and websites n'kuchotsa pulogalamu iliyonse imene simukuidziwa. Pomaliza tsegulani Account Status. Ngati kampani ili ndi mlandu ndi tsamba lanu, monga chithunzi chochotsedwa kapena kuletsa kuti zanu zisaonetsedwe kwa anthu osakutsatirani, zimalembedwa pamenepo. Mukapeza zonse zili bwino, ndiye kuti inu simunalangidwe.

Mwana wa achemwali anuyo mumufunse mofatsa, osati mokalipa, ngati nthawi ina analipirapo kapena kulowetsa tsamba lanu mu mpikisano. Achinyamata amachita izi ndi mtima wabwino, poona kuti anzawo onse akutero, ndipo mukamukalipira adzabisa dzina la pulogalamu imene anagwiritsa ntchito, pomwe inu mukufunika kuidziwa kuti muitseke. Inunso kumbukirani ngati panali sabata imene otsatira anakwera ndi mazanamazana popanda kanema amene anayenda kwambiri. Ngati inalipo, kugwa kwa Lachitatu ndi kubweza kwa sabata imeneyo, ndipo mwina otsalira ake adzachokanso m'tsogolo muno. Mukadzaona kutsika kwina kwa 100 kapena 200, musadzadzidzimuke.

Ena amandifunsa ngati ndi bwino kuchotsa okha abodza otsalawo. Mukhoza, podina timadontho titatu pafupi ndi dzina kapena Remove, ndipo munthuyo sauzidwa. Koma chitani pang'onopang'ono, makumi angapo patsiku, chifukwa kuchita chinthu chimodzi kambirimbiri mofulumira kumaoneka ngati makina ndipo akhoza kukuimitsani kwa kanthawi. Musagwiritse ntchito pulogalamu yolonjeza kukuchotserani onse pakamodzi, chifukwa nayonso ifuna pasiwedi. Ndipo samalani posankha. Amayi ambiri a kwathu ali ndi akaunti yopanda chithunzi, yopanda cholemba chilichonse, dzina lodzaza manambala, koma ndi anthu enieni amene mwana anawatsegulira kuti aziona katundu, ndipo ndi amene amagula thumba la makilogalamu 10. Wabodza weniweni amatsatira anthu zikwi zingapo, mpaka kufika pafupi ndi malire a Instagram a 7,500, iye akutsatiridwa ndi anthu asanu, zithunzi zake zitatu zinaikidwa tsiku limodzi, ndipo palibe mnzanu ngakhale mmodzi amene amamutsatira. Mukakayika, musiyeni.

Pali nthawi imene nkhaniyi imasiya kukhala ya kusesa n'kufuna thandizo mwamsanga. Ngati mwalephera kulowa, ngati mwalandira uthenga woti imelo kapena nambala ya pa akaunti yasinthidwa inu osadziwa, ngati makasitomala akukuuzani kuti mwawatumizira uthenga wopempha ndalama, kapena pa tsamba pakuoneka zinthu zimene simunaike, musadikire masiku atatu aja. Lembani instagram.com/hacked pa foni kapena pa kompyuta n'kutsatira zimene akufunsani, ndipo nthawi yomweyo dziwitsani makasitomala pa WhatsApp kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Ngati wina walandira kale ndalama za anthu, anthuwo aimbire banki yawo tsiku lomwelo ndipo nkhaniyo ikalembedwe kupolisi. Thandizo la kampani ndi laulere. Aliyense wobwera m'mauthenga n'kunena kuti ndi wa ku Instagram, akufuna ndalama kapena nambala yachinsinsi kuti akubwezereni otsatira, ndi wakuba, ngakhale atakhala ndi chizindikiro cha kampani pa chithunzi chake. Amachuluka kwambiri m'masiku otsatira kusesa, chifukwa amadziwa kuti anthu ali ndi nkhawa. Pa chifukwa chomwecho, musalembe pa tsamba kuti "ndataya otsatira, ndithandizeni", mungawaitane.

Chinthu chimodzi choti muchite pamene zonse zili bata. Mu Accounts Center, pansi pa Your information and permissions, muli njira yotengera zinthu zanu zonse, ndipo mukhoza kusankha Followers and following yokha kuti isadye deta yambiri. Adzakupatsani mndandanda wa mayina onse 6,910 ndi masiku amene anayamba kukutsatirani. Masiku amenewo ndi othandiza ngakhale lero, chifukwa mukaona mayina achilendo mazana ataunjikana pa tsiku limodzi, mwapeza khomo limene gulu lija linalowera. Mndandandawo muusunge, muzitenganso wina miyezi itatu iliyonse. Nambala ikadzagwanso mudzafanizira wakale ndi watsopano, mutenge mayina khumi mwa osowawo n'kuwafufuza. Mukadzapeza asanu ndi atatu akubweretsa mawu akuti Sorry, this page isn't available, mudzadziwa kuti ndi kusesa. Mukadzapeza alipo, akuika zithunzi, koma anakusiyani, ndiye mudzandilembere tione chimene chinawachotsa. Ndipo aliyense amene wagula kwa inu kawiri, mumupemphe nambala ya foni muilembe m'kope ndi dera limene amakhala, kaya ndi Turffontein, Yeoville kapena Tembisa, kuti usipa watsopano ukafika ndi basi muzimuuza mwachindunji.